Kakonzedwe ka Malo Opapatiza Olowera M'nyumba

Mpata wolowera m'nyumba ukakhala wopapatiza, choyamba kuyeza ndi njira yodutsamo anthu. Njirayi isachepere masentimita 90, kuti munthu wonyamula dengu kapena wobereka mwana adutse bwino. Ngati mpatawo ndi wa masentimita 120 m'lifupi, ndiye kuti malo a zokolekera majekete, shelefu ya nsapato ndi benchi ndi masentimita 30 okha. Zonsezi zimaikidwa kukhoma limodzi, kupitirira pamene chitseko chimafika chikatsegulidwa.

Zokolekera zoima pansi zimadya malo ndipo zimagwa zikalemedwa mbali imodzi, choncho za kukhoma ndizo zoyenera. Tizitsulo take timamangidwa pathabwa limodzi, motalikirana masentimita 15 mpaka 20. Thabwa la mita imodzi limakwana tizitsulo tisanu. La akuluakulu limakhala pa masentimita 165 kuchokera pansi, la ana pa 110. Pakhoma la njerwa amaboola mpaka kulowa m'njerwa yeniyeniyo, n'kuikamo mapulagi ndi masikuluwu. Msomali wongogwira pulasitala umagwedera pang'onopang'ono, ndipo chizindikiro chake ndi kamchenga kothothoka pansi. Kachitsulo kamodzi kasasenze zovala zoposa ziwiri, chifukwa majekete akaunjikana amatukumuka n'kulowa m'njira.

Nsapato ya munthu wamkulu imafika masentimita 30 m'litali, n'chifukwa chake shelefu wamba imatuluka kukhoma masentimita 30 mpaka 35. Pamalo othina kwambiri pamafunika kabati ya madirowa opendekeka, momwe nsapato zimaima chilili. Kabati yotere imatuluka pafupifupi masentimita 20, koma siilandira majombo, ndipo iyenera kumangiriridwa kukhoma kuti isagwere mwana. Nthawi ya dzinja nsapato zonyowa zisatsekeredwemo, chifukwa zimachita chuku ndi kununkha. Shelefu ya timatabwa tosiya mipata imalowetsa mpweya, ndipo thireyi pansi pake imalandira matope.

Benchi yabwino kukhalapo pomanga zingwe za nsapato imatalika masentimita 45 kuchokera pansi. Ya masentimita 30 m'lifupi, yopanda choyedzamira, imakwana mumpata uja wa 120, ndipo kunsi kwake kumalowa mashelefu awiri. Benchi ya masentimita 80 m'litali imasunga mapeyala anayi pashelefu iliyonse, onse pamodzi asanu ndi atatu. Ya chivundikiro imaoneka yaudongo, koma imavuta chifukwa munthu amayenera kuimirira ndi kuchotsa zonse zili pamwamba asanatenge nsapato. Majekete asalendewere pamwamba penipeni pa wokhala: zokolekera zisendere kumbali.

Mpata ukachepera masentimita 110, benchi yokhazikika siikwananso. Pamenepo kalipentala amange mpando wopinda wa kukhoma, ndipo nsapato zosavalidwa tsiku ndi tsiku zisungidwe kuchipinda.