Makasitomala Anu a mu Januwale Ali Kuti?

Bizinesi ikhoza kuoneka ngati ikukula pomwe ikutaya makasitomala mwezi uliwonse, chifukwa obwera kumene amaphimba malo a ochoka. Njira yoonera zimenezi ndi kuika makasitomala m'magulu potengera mwezi umene anayamba kugula, kenako n'kumatsatira gulu lililonse palokha. M'mabuku a zamalonda gulu lotere amalitcha kohoti.

Tiyerekeze kuti mumaperekera mkaka m'makomo ndipo anthu amalipira pamwezi. Mu Januwale munayamba ndi anthu 40. Mu Febuluwale mutatsitsa mtengo kwa atsopano, panalowa anthu 80, ndipo mu Malichi panalowa 50. Kaundula akusonyeza makasitomala 40, kenako 110, kenako 112. Poyang'ana manambala amenewa, palibe chodetsa nkhawa.

Tsopano lembani pambali pa dzina lililonse mwezi umene munthuyo analipira koyamba. Mwezi umenewu susintha, ngakhale munthuyo atasiya n'kudzabweranso. Mukatero, werengani kuti pa gulu lililonse ndi angati amene analipiranso m'miyezi yotsatira.

Pa anthu 40 a mu Januwale, 30 analipiranso mu Febuluwale, 26 mu Malichi ndipo 24 mu Epulo. Mukagawa nambala iliyonse ndi 40, mupeza 75, 65 ndi 60 peresenti. Kutsikako kukucheperachepera, kutanthauza kuti otsalawo akhazikika. Koma pa anthu 80 a mu Febuluwale, 36 okha ndiwo analipiranso mu Malichi ndipo 24 mu Epulo, zomwe ndi 45 ndi 30 peresenti. Kutsitsa mtengo kunakopa anthu ambiri amene anachoka mtengo weniweni utabwerera. Patatha miyezi iwiri, gulu la anthu 80 lasiya makasitomala ochepa kuposa amene gulu la anthu 40 linasiya pa msinkhu womwewo.

Mawu oti msinkhu ndi ofunika pano. Tiyenera kuyerekeza mwezi wachiwiri wa gulu lina ndi mwezi wachiwiri wa gulu linzake, osati Malichi ndi Malichi. Komanso nthawi zonse gawani ndi chiwerengero choyambirira cha gululo, osati cha mwezi wapitawo. Mukagawa 24 ndi 36 mupeza 67 peresenti, n'kuganiza kuti zinthu zili bwino.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakusocheretseni. Ngati magulu onse atsika m'mwezi umodzi wa pakalendala, vuto si la gulu ayi. Mwina sukulu zatsekera tchuthi kapena mkaka unasowa. Ndipo gulu likakhala laling'ono, monga anthu 10, kuchoka kwa munthu mmodzi kumatsitsa chiwerengero ndi 10 peresenti, choncho phatikizani miyezi itatu kukhala gulu limodzi.

Manambalawa amasonyeza nthawi imene anthu akuchokera, koma chifukwa chake sanena. Kuti muchidziwe, afunseni eni akewo, makamaka amene anasiya atangotha mwezi woyamba.