Kusiyana ndi wokubweretserani katundu: kalata yake ilembedwe bwanji?

Tiyerekeze kuti sukulu ina yogonera komweko inasainirana kontrakiti ya chaka chimodzi ndi wamalonda woti azibweretsa matumba 40 a nyemba mwezi uliwonse. Kwa miyezi iwiri yotsatizana nyembazo zafika mochedwa, zinanso zofumbwa. Mphunzitsi wamkulu zamukwana. Koma akangoimba foni n'kunena kuti "basi, musadzabwerenso", wophwanya mgwirizano akhoza kukhala iyeyo, ndipo wamalonda uja akhoza kukasuma kuti amulipire phindu la miyezi yotsalayo.

Makontrakiti ambiri amakhala ndi njira ziwiri zothetsera mgwirizano. Ina imalola aliyense kuchoka popanda kupereka chifukwa, bola achenjeze mnzake polemba kalata, mwina kutatsala masiku 30. Inayo ndi ya pamene mnzako walakwitsa: umayamba wamulembera kumuuza cholakwacho ndi kumupatsa nthawi yokonza, tinene masiku 14, ndipo akalephera m'pamene umalemba kalata yachiwiri yothetsa mgwirizano. Ambiri amalumpha kalata yoyambayo chifukwa cha mkwiyo, ndiye mlandu umawatembenukira.

Sukulu ija ikanafunsa ine, ndikanati isankhe njira yoyamba. Imachedwerapo pang'ono, koma palibe zokakangana ngati nyemba zinalidi zofumbwa kapena ayi.

Kalatayo isachuluke mawu. Itchule kontrakitiyo ndi tsiku limene inasainidwa, nambala ya ndime imene ikulola kuthetsa, ndi tsiku lenileni limene mgwirizano uthere. Inenenso kuti ngati pali ndalama zimene sukulu inataya chifukwa cha nyemba zoipa zija, ikhozabe kuziitanitsa.

Povuta ndi powerengera masiku. Tinene kuti kontrakiti ikuti masiku 30 ayambe kuwerengedwa wamalonda akalandira kalata. Kalata yalembedwa pa 1 Malichi, iye wailandira pa 3. Kawirikawiri tsiku lolandiralo siliwerengedwa, choncho kuwerenga kumayamba pa 4 Malichi, ndipo tsiku la 30 ndi 2 Epulo. Wowerenga kuchokera pa tsiku lolemba aika 31 Malichi, chenjezo lake n'kuperewera masiku awiri. Kuwonjezera masiku angapo sikupweteka, koma kuperewera kumapatsa loya wa mnzanuyo poyambira.

Katumizidwe nakonso kali ndi ndime yake. Ngati kontrakiti ikuti kalata ikaperekedwe pamanja ku adiresi yolembedwamo, uthenga wa pa WhatsApp sungakwanire, ngakhale foni isonyeze kuti wawerengedwa. Wopita nayo atenge makope awiri, ndipo wolandira asaine, alembe tsiku ndi kudinda pa kope lobwerera nalo.

Mpaka pa 2 Epulo mgwirizano ukadalipo. Matumba 40 a mwezi wa Malichi akafika ali abwino, sukulu iwalandire ndi kulipira pa mtengo umene anapangana.