Malikesi anayi pa thumba la chimanga

Mwana akalemba mayeso a fizikisi a IGCSE, amene amakonzedwa ndi bungwe la Cambridge ndipo sukulu zina kuno kwathu zimalembetsa, pepala lake limajambulidwa ndi sikana. Wochonga amangoona chithunzi chake pa kompyuta. Dzanja la mwanayo salidziwa, ndipo sangapite kukamufunsa kuti apa umafuna kunena chiyani. Chimene ali nacho ndi chithunzicho, ndi ndondomeko yochongera imene imanena mzere uliwonse woyenera malikesi.

Makolo ambiri amaganiza kuti wochonga amangoyang'ana yankho lomaliza, likagwirizana ndi lake n'kuchonga, likasiyana n'kuthetha. Pa masamu a fizikisi si mmene zimayendera. Tiyeni tione ndi funso limene ndapeka ndekha, koma lomangidwa ngati mafunso enieni.

Munthu akukweza thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa lole, kutalika kwake mamita 1.2, ndipo akutenga masekondi 4.0. Gawo loyamba likufuna mphamvu imene thumba lapeza pokwezedwa. Gawo lachiwiri likufuna pawa, kutanthauza mphamvu imene yagwira ntchito pa sekondi iliyonse. Ndondomeko yochongera ingaoneke chonchi:

```
(a) E = mgh  OR  50 × 9.8 × 1.2    C1
    588 J                          A1
(b) P = E/t  OR  588 / 4.0         C1
    147 W   (ecf from (a))         A1
```

Mizere inayi, malikesi anayi. Chilembo C chikuimira malikesi a njira yowerengera, A ndi ya yankho lomaliza. Tsopano nazi zimene mtsikana wina walemba:

```
(a) 50 × 9.8 × 1.2 = 558 J
(b) P = E/t = 558 / 4.0 = 139.5 W
```

Mayankho onse awiri akusiyana ndi a m'ndondomeko. Wochonga wopupuluma angapereke ziro n'kupita kwa wina, ndipo mwanayo angalandidwe malikesi atatu amene wakhetsera thukuta.

Wochonga wosamala amatenga mzere woyamba wa ndondomeko n'kufunsa funso limodzi lokha: kodi umboni wa mzere uwu uli papepalapa? Mtsikanayu sanalembe fomula, koma ndondomeko yati fomula kapena manambala oikidwa m'malo mwake. Manambala alipo, onse atatu, akuchulukitsidwa. C1 wapeza. Mzere wachiwiri ukufuna 588 J, iye walemba 558 J. Zikuoneka kuti diso linatsetsereka pokopera kuchoka pa kakyuleta, ndipo aliyense amene anaphunzitsapo amamva chisoni akaona zotere. Koma chisoni sichili m'ndondomeko. A1 watayika.

Pa gawo lachiwiri ndi pamene luso la wochonga limaonekera. Fomula ilipo, C1 wapeza. Yankho lake ndi 139.5 W pamene ndondomeko ikuti 147 W, koma pambali pali zilembo zitatu, ecf. Tanthauzo lake ndi lakuti cholakwa chochokera m'gawo lapitalo chisamulange mwana kachiwiri. Apa wochonga amayenera kutenga kakyuleta yake n'kugawa 558 ndi 4.0. Ikatuluka 139.5, ndiye kuti mtsikanayu wachita zonse zimene gawo lachiwiri limafuna, ndipo A1 ndi wake. Onse pamodzi ndi atatu mwa anayi. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi lachilungamo kwambiri, chifukwa gawo lachiwiri likuyesa ngati mwana akudziwa pawa, ndipo uyu akuidziwa.

Komabe ecf ili ndi malire. Imagwira ntchito pokhapokha wochonga akuona nambala yolakwikayo ikutengedwa n'kugwiritsidwa ntchito moyenera. Mtsikanayu akanachulukitsa 558 ndi 4.0 m'malo mogawa, ecf sikanamuombola, chifukwa kumeneko ndi kulakwitsa fizikisi yeniyeniyo.

Chithunzi cha sikana nacho chimabwera ndi mavuto ake. Tiyerekeze kuti cholembera cha mtsikanayu chinali chosakolera. Kadontho ka pakati pa 139 ndi 5 n'kakang'ono ngati kanjere ka mawere, ndipo pa kompyuta yankho likuoneka ngati 1395 W. Likhoza kukhala dontho, kakhoza kukhala kachitsotso kamene kanali pagalasi la makina. Wochonga sayenera kulota. Amakulitsa chithunzi mpaka nambala iliyonse itadzaza diso, n'kuona ngati pali kampata pakati pa 9 ndi 5 ndiponso ngati chizindikirocho chili pamzere pamene dontho limakhala. Amaonanso mmene mwana yemweyo walembera dontho mu 9.8 ndi 1.2 pamwambapo. Likapezeka, ngakhale lozilala, malikesi amaperekedwa. Likakhala kuti palibiretu, wochonga saliikamo m'maganizo mwake chifukwa choti mwanayo akuoneka wanzeru. N'chifukwa chake pachikuto cha pepala amalamula cholembera chakuda kapena chabuluu wokolera, n'kuletsa cholembera chofufutika ndi mankhwala oyera ofufutira aja.

Nambala ngati 1 ndi 7, kapena 4 ndi 9, nazo zimasokoneza m'manja mwa ana ena. Njira yake ndi yomweyo: yang'anani pena pamene mwana walemba 7 wosakayikitsa, mufanizire.

Pali chinthu china chokhudza chilembo C chimene ana ambiri sachidziwa. Mnyamata akalemba 588 J yekha, popanda njira iliyonse, amapeza malikesi onse awiri, chifukwa yankho loona likuchitira umboni kuti njira anaidziwa. Koma mnyamata yemweyo akalemba 558 J yekha, amatuluka chimanjamanja, pakuti palibe chimene wochonga angagwire. Mtsikana wathu uja analakwitsa mofanana, koma mzere umodzi wa manambala unamupulumutsira malikesi. Chilembo M, chimene chimapezeka pa mafunso ena, n'chokhwima kuposa apa: njirayo iyenera kuoneka papepala, apo ayi malikesi a yankho amene akutsamira pa iyo saperekedwa.

Yuniti nayo ndi mbali ya yankho. Kulemba 147 osaika W, kapena kuika J pamalo pake, kumataya A1, ngakhale C1 amatsala. Nanga ntchito yokhwatchidwa? Ngati mwana wakhwatcha n'kulemba ina, wochonga amachonga yatsopanoyo. Ngati wakhwatcha osalemba china, ndipo zokhwatchidwazo zikuwerengeka, zimachongedwa ndithu. Ndipo asanapereke ziro pa funso looneka lopanda kanthu, amayenera kutsika ndi chithunzi mpaka pansi ndi kuona masamba owonjezera, chifukwa ana ena malo akawathera amapitiriza kwina.

Kutsata mzere ndi mzere sikutanthauza kuzimitsa ubongo. Mwana wina angayambe ndi kupeza kulemera kwa thumba, 50 × 9.8 = 490 N, kenako n'kuchulukitsa ndi 1.2. Manambala sakuoneka monga mmene alili m'ndondomeko, koma fizikisi yake ndi yomweyo, ndipo C1 ayenera kuperekedwa. Wochonga akakumana ndi njira yachilendo imene sakutha kuigamula, amaitumiza kwa mkulu wa gulu lake m'malo mopanga lamulo lakelake.

Wochonga naye amayesedwa. Asanayambe, amachonga mapepala oyeserera kuti aone ngati akugwirizana ndi akuluakulu. Ntchito ili mkati, kompyuta imalowetsa mwakachetechete mayankho amene akuluakuluwo anagwirizana kale malikesi ake, ndipo iye sadziwa kuti ndi ati. Akapereka awiri pamene iwo anapereka atatu, chifukwa anaiwala kugawa 558 ndi 4.0, kusiyanako kumaoneka, ndipo zikachuluka amaimitsidwa kaye mpaka mkulu wake ataunika naye pamene wakhala akuphonya.