Oda yochokera ku Leeds inafika pa benchi ya zitenje ku Limbe

Tiyerekeze mayi wina amene amagulitsa zitenje mumsika wa Limbe ku Blantyre. Mayiyu ndi wongoyerekezera, koma njira zimene adutsemo, malamulo ndi masamu ake n'zenizeni, ndipo wamalonda aliyense wofuna kugulitsa kunja adzakumana nazo. Pambali pa zitenje, mayiyu amapereka nsalu kwa telala kuti amusokere zikwama za m'manja. Makasitomala ake ndi anthu odutsa pa benchi pake, komanso ochepa amene amaona zithunzi zake pa WhatsApp.

Mwana wa mchimwene wake, yemwe anaphunzira za makompyuta, ndiye anabwera ndi maganizo a webusaiti. "Azakhali, zithunzi za pa WhatsApp amaona ndi okhawo amene ali ndi nambala yanu. Webusaiti angaipeze ngakhale munthu amene sakukudziwani."

Panafunika zinthu ziwiri zolipira. Choyamba ndi dzina la webusaiti, lija munthu amalemba pa intaneti kuti afike. Likhoza kuthera ndi .com kapena ndi .mw, chomwe ndi chizindikiro cha Malawi ndipo amachiyang'anira ndi a bungwe la Malawi SDNP. Chachiwiri ndi malo osungirako masamba ndi zithunzi. Zonsezi sizigulidwa kamodzi n'kutha, zimakhala za lendi, ndipo munthu akaiwala kulipira nthawi ikakwana, webusaiti imazima. Mnyamatayo anachita chinthu chanzeru polembetsa dzinalo pa imelo ya azakhali ake, osati yake, kuti tsiku lina akadzasamuka kapena kutanganidwa, mwini bizinesi asadzasowe polowera.

Webusaitiyo inali yaing'ono. Zikwama anazijambula panja m'mawa, chifukwa kuwala kwa babu kumasintha mtundu wa nsalu. Pansi pa chithunzi chilichonse analemba kutalika ndi kufupika kwa chikwama m'masentimita, mtengo wake, ndi nambala ya foni yoyamba ndi +265 kuti wakunja athe kuimba.

Patapita miyezi ingapo kuli zii, kunabwera uthenga. Unachokera kwa mayi wina wa ku Malawi konkuno amene amagwira ntchito mumzinda wa Leeds ku Britain. "Mayi, ndaona zikwama zanu. Ndikufuna 12 zoti ndikapatse azimayi othandiza pa chinkhoswe cha mwana wanga. Zonse pamodzi ndi kutumiza zikwana zingati?" Anagwirizana mapaundi 15 chikwama chimodzi, kutanthauza mapaundi 180. Koma funso la kutumizalo mayi wa ku Limbe analibe yankho lake, ndipo apa ndi pamene amalonda ambiri amaluzira: amatchula mtengo wa m'mutu, kenako n'kupeza kuti phindu lonse lathera kwa onyamula katundu.

Makampani otumiza katundu pa ndege, monga DHL, sayang'ana sikelo yokha. Amayezanso malo amene katoni idzatenge m'ndege. Amachulukitsa kutalika, kufupika ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kugawa ndi 5,000. Zimene zatulukazo amaziyerekeza ndi kulemera kwenikweni, ndipo amalipiritsa chimene chakula pa ziwirizo.

Zikwama za mayiyu zinkalemera makilogalamu 4. Poyamba anaziika mu katoni imene anaipeza pafupi, ya masentimita 40 ndi 30 ndi 30. Kuchulukitsa manambalawa kumapereka 36,000, ndipo kugawa ndi 5,000 kumapereka 7.2. Ndiye kuti akanalipira ngati katundu wa makilogalamu oposa 7, pafupifupi theka lake lili mpweya. Atazipinda bwinobwino n'kuzipanikiza mu katoni ya 40 ndi 30 ndi 15, masamu anapereka 3.6, nambala yochepera kulemera kwenikweni, choncho analipira makilogalamu 4 okha. Anafunsanso mtengo ku positi ofesi, kumene kuli njira ya EMS, kenako anauza kasitomala mitengo yonse iwiri ndi masiku amene aliyense analonjeza, kuti asankhe yekha. Popeza tsiku la chinkhoswe linali pafupi, kasitomala anasankha njira yofulumira.

Nkhani yachiwiri inali ya ndalama. Mayiyu anapita kubanki kwake kukafunsa mmene angalandirire ndalama zochokera kunja. Anamupatsa nambala ya akaunti ndi chizindikiro cha banki chotchedwa SWIFT, ndipo anamuchenjeza kuti ndalama zotere zimatenga masiku angapo, komanso mabanki amene zimadutsamo amadulako kangachepe. Ndi bwino kugwirizana msanga kuti wolipira zodulidwazo ndi ndani. Kubanki komweko ndi kumene munthu amafunsa ngati katundu wake akufunika fomu ya CD1, imene boma limagwiritsa ntchito potsatira ndalama za katundu wogulitsidwa kunja.

Tsiku lotsatira kasitomala anatumiza chithunzi cha lisiti. Mayiyu sanathamangire kukatumiza katundu. Anadikira mpaka ataona ndalamazo mu akaunti yake. Sikuti ankamukayikira munthuyo, koma chithunzi cha lisiti n'chosavuta kupeka, ndipo akamberembere a pa intaneti amakonda amalonda atsopano. Chinyengo chodziwika bwino chimayenda motere: munthu amaoda katundu wambiri osanenerera mtengo, amatumiza lisiti yoonetsa kuti walipira mopitirira, kenako n'kupempha kuti zotsalazo abwezeredwe mwachangu kapena zipatsidwe kwa "wonyamula katundu" wake. Wamalonda akabweza, amapeza kuti sipanalowe ngakhale tambala. Kasitomala wa ku Leeds uja anali wosiyana: anafunsa za mitundu ya nsalu, ananenerera mtengo, ndipo analipira ndalama zimene anagwirizana ndendende.

Chachitatu ndi msonkho wa kumene katundu akupita. Katoni iliyonse yodutsa malire imayenda ndi chikalata chonena zimene zili m'kati, kuchuluka kwake ndi mtengo wake. Ena amalangiza kuti munthu azingolemba kuti ndi mphatso, koma kumeneko ndi kunama kwa a kasitomu, ndipo katundu akhoza kugwidwa. Akatayikanso, chipukutamisozi chimatsatira mtengo umene unalembedwa. Mayiyu analemba zoona: zikwama 12 za nsalu, mapaundi 180.

Ku Britain msonkho wa VAT ndi 20 peresenti. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, katundu wosapitirira mapaundi 135 wogulitsidwa mwachindunji kwa munthu wamba amafuna kuti wogulitsayo alembetse ndi kutolera yekha msonkhowo. Katundu akaposa pamenepo, msonkho umalipidwa akafika, ndipo kawirikawiri onyamula katundu amautolera kwa wolandira. Oda ya mayiyu inali m'gulu lachiwirili. Pa mapaundi 180 okha msonkho ndi mapaundi 36, ndipo umakwera chifukwa amawerengeranso ndalama zotumizira. Mayiyu anauza kasitomala zimenezi katoni isananyamuke, chifukwa munthu wodzidzimutsidwa ndi bilu pakhomo amatha kukana katundu, ndipo kumubweza ku Malawi ndi ndalama zinanso.

Katoni itanyamuka, anatumiza kwa kasitomala nambala yolondolera katundu, ndipo onse awiri ankaona pa foni pamene yafika. Zikwama zinafika chinkhoswe chisanachitike.

Sabata yomweyo mayiyu anaitana mwana wa mchimwene wake kuti awonjezere tsamba lina pa webusaiti. Tsambalo limafotokoza kuti katundu amanyamuka ndalama zikalowa mu akaunti, kuti mtengo wotumizira umatchulidwa katoni ikayezedwa, ndiponso kuti msonkho wa dziko la wogula suli pa mtengo wa chikwama. Kwa telala anakasiya pempho limodzi: zikwama zotsatira azisoke ndi pansi pofewa, kuti zizipindika mosavuta mu katoni ya masentimita 15.