Madzi sawira pa 100 ku Dedza

Kusukulu tinaloweza kuti madzi amawira pa madigiri 100. Ndi zoona, koma pagombe la nyanja yamchere, monga ku Beira. Mukamakwera kumtunda mpweya umapepuka, supanikiza madzi kwambiri, ndiye amawira asanafike pa 100. Mamita 300 aliwonse amene mwakwera amachotsa pafupifupi digiri imodzi. Wophika yogati, wowiritsa mkaka wogulitsa kapena wootcha nkhuku akapanda kudziwa zimenezi atha kutaya temomita yabwinobwino, n'kusunga yonama.

Yambani ndi ayisi, chifukwa iye alibe tsankho: ku Nsanje kaya pamwamba pa phiri la Mulanje amasungunuka pa 0. Mukulungeni m'nsalu yoyera, mum'phwanye akhale tizidutswa ting'onoting'ono, mudzaze kapu mpaka pakamwa. Thirani madzi oyera ozizira ongokwanira kutseka mipata. Ayisi akayandama, madzi achuluka, ndipo a pansiwo amakhala ofundirako. Atsanuleni, muwonjezere ayisi. Takasani, mudikire mphindi ziwiri, kenaka mulowetse nsonga ya temomita masentimita 5 pakatikati, osagunda m'mbali kapena pansi. Nambala ikaima, ikhale 0.

Kumadzi owira ndiye kumafunika masamu pang'ono. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Gawani 1,600 ndi 300, mupeza 5.3, chotsani pa 100, patsala 94.7. Ku Lilongwe, pa mamita pafupifupi 1,050, yembekezerani 96.5. Madziwo akhale opanda mchere, ochuluka ndithu m'poto, ndipo abwadamuke kwenikweni, osati timathovu toyamba tija. Nsonga isakhudze pansi pa poto, pomwe pamatentha kuposa madzi.

Tsono tinene kuti mayi wa ku Dedza wayeza yake. M'madzi owira yaonetsa 100, iye mtima pansi. Komatu pamenepo mpomwe pali vuto. Mu ayisi yaonetsa 5, kusonyeza kuti imawonjezera madigiri 5 ponseponse. Mkaka umene amati wafika pa 72, pomwe uyenera kukhala masekondi 15 kuti tizilombo tife, umakhala uli pa 67 basi. Temomita yotere imakonzeka: zambiri zamuvi zili ndi nati kunsi kwa nkhope yake, ndipo mumaipotoza nsonga ili mu ayisi mpaka muvi uloze 0. Koma ikalondola mu ayisi n'kuphonya kwambiri m'madzi owira, natiyo sithandiza, chifukwa mukakonza uku muwononga uko. Imeneyo ine sindingaidalire pa chakudya cha anthu.

Kusiyana kosapitirira digiri imodzi m'madzi owira kusakudetseni nkhawa, poti kusintha kwa nyengo nako kumasuntha nambalayi pang'ono. Yezani temomita ikakhala yatsopano, ikagwa pansi, ndiponso kamodzi pamwezi ngati mumaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Koma chonde, yoyezera kutentha kwa thupi ija, yomwe imalekezera cha pa 42, musaiviike m'madzi owira. Yagalasi imaphulika.