Akatswiri a m'mwendo: ndani aposa mnzake phazi likaponda pansi

Munthu akamayenda, phazi lililonse limakhala pansi pafupifupi magawo 60 mwa 100 a nthawi yake, kuyambira pamene chidendene chagunda dothi kufikira pamene chala chachikulu chanyamuka. Sekondi siikwana n'komwe, koma minofu imalandizana ntchito mwadongosolo, ndipo opambana si amene maso angawasankhe.

Mnofu waukulu kuposa yonse m'thupi ndi wa thako, gulutiyasi makisimasi. Poyenda pachidikha umagwira pang'ono chabe: umakungika chidendene chikangogunda, kuti thunthu lisagwere kutsogolo, kenaka n'kupumula. Mphamvu zake zimaonekera pothamanga, podzuka pampando, kapena pokwera phiri ngati la Mulanje. Wautali kuposa yonse, satoriyasi, wodutsa chopingasa pantchafu kuchokera m'chiuno mpaka kunsi kwa bondo, umangothandizira kupinda mwendo ukamanyamuka.

Wofulumira kuyamba ntchito ndi wa pamsongolo, tibiyalisi anteriyo. Chidendene chisanafike pansi umakhala utakweza kale zala, ndiye umatsitsa phazi pang'onopang'ono ngati munthu wotula mtsuko wodzaza. Ukafooka, khutu limadziwa diso lisanaone: phazi limamenya pansi kuti phwa! Mwendo ukanyamuka zala zimakwekwereza, patapata n'kumavuka, ndipo munthu amakweza bondo mopitiriza kuti asapunthwe. Nthawi zambiri vuto limakhala pa mtsempha wa uthenga wodutsa kunja kwa bondo, pansi pakhungu penipeni. Khate limauwononga, ndipo jekeseni wa pathako wobayidwa pamalo olakwika angavulaze mtsempha waukulu umene uwu umachokerako.

Chidendene chikangogunda pansi, minofu inayi ya kutsogolo kwa ntchafu, kwadirisepusi, imalola bondo kupinda madigiri pafupifupi 15 kuti thupi lisagwedezeke, koma osalilola kugwa.

Wosenza katundu wolemera koma wosatchuka ndi gulutiyasi midiyasi, wa m'mbali mwa chiuno. Ine ndimauchitira ulemu kwambiri. Phazi lamanzere likanyamuka, thupi lonse limatsamira pamwendo wamanja, ndipo chiuno chimafuna kupendekera kumanzere. Woletsa ndi mnofu wa kumanja. Tsoka lake n'lakuti unamangirira pafupi kwambiri ndi mfundo ya chiuno, pamene kulemera kwa thupi kumagwera patali, chapakati. Zili ngati sikelo ya mikono yosalingana: wa mkono waufupi ayenera kukoka kwambiri. Kukokako kukaphatikizana ndi kulemera kwa thupi, mfundo imapanikizika pafupifupi kawiri ndi theka kulemera kwa mwini wake. Mayi wa makilogalamu 60 amapanikiza mfundoyo ngati ndi makilogalamu 150 paphazi lililonse limene waponda, asanasenze n'komwe ndowa.

Kuyesa mnofuwu n'kosavuta. Muimitseni munthu pamwendo umodzi, inu muli kumbuyo kwake. Chiuno chikatsika kumbali ya mwendo umene wanyamulawo, wofooka ndi wa mwendo umene waimirawo. Dokotala wa ku Jeremani, Friedrich Trendelenburg, anafotokoza chizindikirochi mu 1895. Pofuna kupeputsira mnofu wofookawo ntchito, ndodo igwiridwe m'dzanja la mbali yabwino, osati yodwala. Ambiri amalakwitsa, ndipo zimandiwawa kuona gogo akutsimphina ndi ndodo ili kumbali imene siimupeputsira kwenikweni chiuno chowawacho.

Koma chikho chenicheni chimapita kukatumba. Kumeneko kuli minofu iwiri: gasitirokinimiyasi, woonekera kunja, ndi soliyasi, wobisala pansi pake. Yonse imathera mu mtsempha wa Akilesi, wokhuthala ndi wolimba kuposa mitsempha yonse yolumikiza mnofu ku fupa. Phazi likakhala phwatalala pansi, fupa la msongolo limapendekera kutsogolo, ndipo soliyasi amaligwira kuti lisapitirire, bondo lingagwade. Nthawi yonseyi mtsemphawo ukutamuka ngati legeni. Chidendene chikanyamuka umabwerera mwakamodzi, minofu n'kuwonjezerapo yake, ndipo kukankha kumeneku ndiye mphamvu yaikulu kuposa ina iliyonse yotuluka pamfundo imodzi poyenda. Soliyasi satopa msanga, pakuti ulusi wake wambiri ndi wa mtundu wopirira. Akamafinyika amakankhiranso magazi a m'mwendo kubwerera kumtima.

Katumba akafooka, munthu amaponda pafupipafupi ndipo chidendene chimachedwa kunyamuka. Muyeseni agwire khoma, aime pamwendo umodzi, anyamule chidendene mobwereza. Wolephera ngakhale kamodzi, makamaka ngati anamva kuti thapu! kumbuyo kwa kakolo, apite kuchipatala msanga, mwina mtsempha waduka.

Chala chachikulu chimatsazika dothi pomaliza. Katumba amakhala atasiya kale ntchito, ndipo iliyosowasi, wobisika m'kati mwa chiuno, amakokera ntchafu kutsogolo, uku wa pamsongolo uja akukwezanso zala kuti zidutse pamwamba pa dothi ndi mpata wa sentimita imodzi kapena ziwiri zokha.