Musathamangire pa GPA: Kawerengedwe ka Chithunzi cha Zotsatira za ku Yunivesite

Zotsatira za mayeso a ku yunivesite zikatuluka, makolo ambiri amaziona koyamba pa WhatsApp. Mwana amatsegula tsamba lake pa makina a sukulu, n'kujambula zimene zaoneka pa foni, n'kutumiza kumudzi kapena kwa amalume amene amalipira fizi. Pachithunzipo pamakhala mizere ya makosi, zilembo, manambala, ndi timawu tachingerezi tofupikitsidwa chakumapeto. Diso la aliyense limathamangira pa nambala yolembedwa kuti `GPA`, chifukwa ndi imene imaoneka ngati yamanga nkhani yonse pamodzi. Komatu nambala imeneyo ndi yoyenera kuiwerenga pomaliza. Chimene chimanena ngati wophunzira akupita patsogolo, akubwereza, kapena watsala pang'ono kuchotsedwa sukulu chili pa makirediti ndi pa timawu takumapeto tija.

Chisokonezo choyamba chimachokera ku sekondale. Kholo la ku Malawi linazolowera MSCE, kumene giredi 1 ndiyo yapamwamba, 9 ndiye kulephera, ndipo mwana wa mapointi 6 pa maphunziro asanu ndi limodzi ndiye katswiri. Ku yunivesite zinthu zinatembenuka: mapointi akachuluka ndiye kuti zayenda. Nawonso mawu oti kirediti ali ndi ntchito ina. Pa MSCE ndi mulingo wa kakhozedwe, magiredi 3 mpaka 6. Ku yunivesite kirediti ndi kulemera kwa kosi, kutengera nthawi ndi ntchito imene kosiyo imafuna, ndipo nambalayo imakhala itaikidwa kale wophunzira asanalowe n'komwe m'kalasi. Choncho mukaona 4 pansi pa mutu woti `Credits`, musaimbe nthungululu. Aliyense amene analembetsa kosi imeneyo ali ndi 4 yemweyo, wokhoza ndi wolephera yemwe.

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka, pa sikelo yodziwika kwambiri imene A ndi mapointi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, ndipo F ndi 0. Yunivesite iliyonse ili ndi sikelo yakeyake m'buku la malamulo a maphunziro. Zina zimawonjezera B+ ndi C+, zina zimafika pa 5, koma kawerengedwe kake n'kamodzi. Wophunzira watenga makosi asanu pa semesita. Awiri ndi a makirediti 4, awiri ndi a makirediti 3, imodzi ndi ya makirediti 2, onse pamodzi 16. Pa kosi yoyamba ya makirediti 4 wapeza B, pa makosi atatu ang'onoang'ono aja wapeza A yekhayekha, koma pa kosi ina ya makirediti 4 wapeza F. Mapointi a giredi iliyonse amachulukitsidwa ndi makirediti a kosi yake, kenako zonse zimagawidwa ndi makirediti amene anatenga:

```
(3x4) + (4x3) + (4x3) + (4x2) + (0x4) = 44
GPA = 44 / 16 = 2.75
```

Tsono taonani mnzake wa kalasi yomweyo, amene alibe A ngakhale mmodzi. Iye wapeza B pa makosi awiri akuluakulu aja, n'kupeza C pa atatu otsalawo. Mapointi ake ndi 40, ndipo akagawidwa ndi 16 amapereka 2.50. Zithunzi ziwirizi zitafika pa foni imodzi, ambiri angayamikire wa 2.75 ndi kudzudzula wa 2.50. Koma wa 2.50 wakhoza makosi onse, makirediti 16 onse alowa m'nkhokwe yake, ndipo semesita yotsatira ayiyamba wopanda ngongole. Wa 2.75 uja wakolola makirediti 12 okha. Pa makina ambiri kusiyanaku kumaoneka pa mizere iwiri yoyandikana, `Credits Attempted` ndi `Credits Earned`, woyamba kunena zimene anatenga, wachiwiri zimene wakhoza. Manambala awiriwa akasiyana, pali kosi imene yatsalira, ngakhale GPA ioneke yokongola chotani. Digiri imaperekedwa munthu akakwanitsa makirediti onse a pulogalamu yake, ndipo ma A a makosi ena sangalipire kosi yokakamiza imene walephera.

Vutoli limakula ngati kosi yolepherayo ili khomo la kosi ina. M'mapulogalamu a uinjiniya ndi sayansi, masamu a chaka choyamba nthawi zambiri ndiwo amatsegula njira ya masamu a chaka chachiwiri, ndipo amene sanakhoze oyambawo saloledwa kulembetsa otsatirawo. F mmodzi wa mtundu umenewu akhoza kuwonjezera semesita kapena chaka chathunthu, pamodzi ndi fizi, lendi ndi chakudya chake. GPA sinena chilichonse za zimenezi, chifukwa ntchito yake n'kungosakaniza magiredi.

Wina anganene kuti, inde, koma GPA imawerengedwa ndi makina a yunivesite eniake, ndiye singaname. N'zoona kuti makina salakwitsa masamu. Koma amawerengera zokhazo zimene zalowetsedwa pa tsikulo. Tiyerekeze kuti pa kosi yachisanu ija sipanalembedwe F koma `I` kapena `Incomplete`, kutanthauza kuti malikisi sanakwane: mwina wophunzira anadwala pa tsiku la mayeso, mwina sanapereke ntchito ina ya m'kati mwa semesita, mwina mphunzitsi sanatumize malikisi. Makina ambiri amaichotsa kosi yotere pa kawerengedwe. Mapointi amakhala 44 omwe aja, koma amagawidwa ndi 12 m'malo mwa 16, ndipo chithunzi chimaonetsa 3.67. Banja limapha nkhuku. Patapita masabata, kosiyo ikamalizidwa ndi C, nambala imatsika kufika pa 3.25. Ikasiyidwa mpaka nthawi yoikika itadutsa, m'mayunivesite ambiri `I` amasanduka F, ndipo 3.67 uja amakhala 2.75. Njira yozindikira msampha umenewu ndi yophweka: phatikizani nokha makirediti a makosi onse amene ali pa chithunzi, muone ngati akufanana ndi amene makina agawira. Akapanda kufanana, GPA imeneyo sinakhazikike.

Apa ndiye pamene timawu takumapeto timafunika kutiwerenga mofatsa, chifukwa timene timaoneka ngati tofanana timanena zinthu zotalikirana. `Supplementary`, amene ophunzira amangoti sapu, ndi mwayi wolembanso mayeso a kosi imene walephera chaka chatsopano chisanayambe. Ndi mwayi ndithu, koma m'mayunivesite ambiri wokhoza sapu amapatsidwa giredi yotsikitsitsa yokhozera basi, ngakhale atalemba bwino chotani, kotero makirediti amabwerera koma GPA imangokwera pang'ono. `Carry Over` ndi kupita chaka chotsatira utasenza kosi yakale pamwamba pa zatsopano. `Repeat` ikhoza kunena kubwereza kosi imodzi kapena chaka chonse, ndipo muyenera kuona ngati yalembedwa pa mzere wa kosi kapena pansi, pamene pali chigamulo cha chaka. Malo amene mawu alembedwa ndi ofunika chimodzimodzi pa chilembo `W`. Pa zikalata za mayunivesite a ku America, `W` wa pa mzere wa kosi amangotanthauza kuti wophunzira anaisiya kosiyo nthawi yololedwa isanathe, ndipo kawirikawiri sakhudza GPA. Koma `Withdrawn` wolembedwa pa chigamulo cha chaka akhoza kutanthauza kuti wachotsedwa sukulu chifukwa cholephera. Nayenso `Withheld` amadabwitsa anthu ambiri: sikulephera ayi, koma zotsatira zagwidwa, kawirikawiri chifukwa cha ngongole ya fizi kapena mlandu wokhudza mayeso umene sunathe. Zifukwa ziwirizi zimathetsedwa ku maofesi osiyana, ndiye funso loyamba kwa mwana likhale loti zagwidwa chifukwa chiyani.

Ena amati timawu timeneti ndi nkhani za ku ofesi, zimadzikonza zokha pakapita nthawi. Zina zimaterodi, monga malikisi amene mphunzitsi anachedwa kutumiza. Koma zambiri zili ndi tsiku lotsekera. Sapu imafuna kulembetsa, ndipo nthawi zambiri imalipiridwa. Kudandaula kuti pepala lichongedwenso kumaloledwa kwa masiku owerengeka zotsatira zikangotuluka. `Incomplete` wobwera chifukwa cha matenda amafuna kalata ya kuchipatala. Banja limene latha mwezi likusangalala ndi 3.67 likhoza kudzazindikira zitseko zonsezi zitatsekedwa kale. Kwa wophunzira amene amadalira ngongole ya boma kapena bungwe lomulipirira, ndi bwinonso kufunsa msanga ngati thandizolo limapitirira pa chaka chobwereza.

Pali nambala ina imene imakonda kukhala pafupi, `CGPA`, ndipo imeneyi ndiyo ili ndi mawu ambiri kuposa GPA ya semesita imodzi. Imaphatikiza masemesita onse kuyambira pachiyambi, ndipo siipezeka pongophatikiza ma GPA awiri n'kugawa pakati. Semesita ya makirediti 12 pa 3.50 ili ndi mapointi 42. Ikaphatikizidwa ndi ija ya mapointi 44 pa makirediti 16, timapeza 86 kugawa ndi 28, amene ndi 3.07. Makirediti akamachuluka, nambalayi imavuta kuisuntha, n'chifukwa chake semesita imodzi yabwino m'chaka chachinayi siifufuta mavuto a zaka zitatu. Kumene amagwiritsa ntchito mawu oti `Probation`, tanthauzo lake n'lakuti nambalayi yatsika kupitirira malire amene yunivesite inaika, amene pa sikelo ya 4 nthawi zambiri amakhala 2.0, ndipo wophunzira wapatsidwa nthawi yochepa yoti aikweze.

Chodandaula chomaliza n'chomveka: wophunzira wa ku yunivesite ndi munthu wamkulu, kumufufuza chonchi si kumuyesa wabodza? Yankho n'lakuti zonsezi sizifuna kuti mwana akhale wachinyengo. Foni ndi yopapatiza, ndipo tebulo la zotsatira nthawi zambiri limapitirira kumanja. Danga limene limadulidwa ndi lomwe lija la timawu takumapeto. Wophunzira wa chaka choyamba naye akhoza kusadziwa kuti `I` si giredi. Kupempha chithunzi chathunthu, chooneka dzina, nambala ya wophunzira, chaka cha maphunziro, semesita ndi mzere wa pansi penipeni, kumateteza iye yemwe. Chithunzi chotere si choponya pa gulu la WhatsApp la mudzi wonse, chifukwa chili ndi zinsinsi zake.

Koma tinenenso chilungamo kuti chithunzi si umboni. Munthu wodziwa kompyuta pang'ono akhoza kusintha F kukhala B pa tsamba lotseguka m'mphindi zochepa asanajambule, ngakhale ambiri otere amaiwala kukonza makirediti ndi GPA kuti zigwirizane, ndipo masamu a pamwamba aja amawagwira. Komanso zotsatira zimene zili ndi mawu oti `Provisional` zikhoza kusintha kufikira Seneti ya yunivesite itazivomereza. Bungwe lolipirira ophunzira kapena wolemba anthu ntchito amene akufuna kupanga chiganizo cha ndalama apemphe thiransikiriputi yosindikizidwa, yochokera ku ofesi ya Rejisitirala, yokhala ndi siginecha ndi chidindo. Kumbuyo kapena kumunsi kwake nthawi zambiri kumalembedwa sikelo ya magiredi ndi tanthauzo la chilembo chilichonse monga mmene yunivesite imeneyo imachigwiritsira ntchito.